Kansalu Kamene Ndinawakha

Uthenga unandipeza pakhonde dzuwa litapendeka, ndikuswa nshawa, mtedza wa mbewu, mwendo wanga wodwala uli pa kampando. Mpongozi wanga anali atapita kuchipatala kukanditengela mankhwala a shuga. Ndinamuona akutsika pa njinga yamoto kuja ku mtengo wa mango, fumbi mpaka m'nsidze, akufuula asanalowe ndi pabwalo pomwe.

"Amai! Mwana wanu uja wakhoza!"

Lichelo linagwa. Nshawa mbwee, nkhuku zinapeza phwando. Ine ndinaimilila ndi mwendo umene adokotala anati ndisamaupondele mwamphamvu, ndinaupondela, ndinaluluta mpaka agalu a kutsidya kwa dambo anayankha. Wakhoza, wakhoza, mwana wa eni wakhoza! Ndinaimba mau awiliwo ngati nyimbo ya ku kwaya, kenaka ndinakhala pansi n'kulila. Pakuti mwezi ndi theka ndinali nditasenza mwana ameneyo pachifuwa ngati mwala, ndikudziwa kuti ngati walephela, ndamulepheletsa ndine.

Si mdzukulu wanga wobala ai. Adzukulu anga ndili nao khumi ndi mmodzi, ndipo palibe amene anafika ku sukulu ya unamwino. Uyu ndinakumana naye m'wodi ya azimai.

Ndinapita kumeneko chifukwa cha chitsa. Chitsa cha m'munda chinandikala pamsongolo, kabala kakang'ono, ine n'kumati kadzauma kokha monga mabala onse a moyo wanga. Koma munthu wa shuga bala lake silimva. Linakula, linayamba kununkha, mpaka mwana wanga wamwamuna anandinyamula kuchoka kuno kwathu kwa Sandwe, msewu wa mabampu uja, mpaka ku Petauke, ndipo kumeneko tinakwela galimoto ina yotifikitsa kuchipatala. Anandigoneka bedi la pafupi ndi zenela.

M'wodimo munali ana a sukulu ya unamwino, atsikana ndi anyamata ovala zoyela, oyenda m'magulu ngati nkhanga. Ambili akafika pa ine ankapuma ndi pakamwa. Sindiwadzudzula, fungo linalipo. Koma mmodzi, wamfupi, wa mpata m'mano, ankagwada n'kuyang'ana bala langa ngati akuwelenga kalata. "Ambuya, lelo layamba kufiila m'mbali, likuchila ili," amatelo. Ankandipukuta msana. Tsiku lina anandiluka tsitsi. Anandiuza kuti kwao ndi kwa Nyalugwe, ku Nyimba, ndi kuti atate ake analowa m'dziko lino ali kumsana kwa amai ao pothawa nkhondo ya ku Mozambique. M'banja lao lonse, woyamba kufika patali ndi sukulu anali iye.

Tsiku lina m'mawa anabwela opanda kumwetulila kwake. Anakhala m'mphepete mwa mpando, manja pamaondo.

"Ambuya, ndabwela kudzapempha. Mailo, kukacha, kukubwela aphunzitsi athu kudzationa mmene tigwilila nchito pa odwala. Ine andipatsa kutsuka bala. Mungalole kuti likhale lanu? Mukakana palibe mlandu, tidzakusamalani chimodzimodzi."

"Mwendo ndi uwu, utenge. Ukafuna ndi winawu utengenso."

Anaseka pang'ono, kenaka anayang'ana pansi. "Ndi kachiwili aka, ambuya. Koyamba ndinalakwitsa, anandibweza. Ndikalephelanso, anzanga apita patsogolo ine nditsala. Ndipo amalume amene akundiphunzitsa ananenelatu kuti chaka choonjezela sangachikwanitse."

Sindinamufunse kuti analakwitsa chiyani. Ndikanafunsa! Ine m'mutu mwanga ndinangomva chimodzi: mwana akalakwitsa aphunzitsi n'kuona, wagwa. Ndiye ndinalumbila chamumtima kuti pa bedi langa palibe cholakwa chimene chidzaoneke.

Asanachoke anandilangiza. "Mailo mudzaona katebulo ka mawilo. Pamwamba pake ndidzayala nsalu yobiliwila. Zonse za pa nsaluyo zimaphikidwa m'makina otentha kuti tizilombo tife. Musadzagwile chilichonse pamenepo, ngakhale ndi chala chimodzi."

"Ine ndine mwana? Ndamva."

Ndinamva, ee. Makutu anamva. Manja sanamve.

Kutacha ndinasamba, ndinavala chitenje changa cha ku chigwilizano cha azimai, ngati woyesedwa ndine. Aphunzitsi anafika dzuwa litakwela. Anali amai aatali, tsitsi la imvi lometa, magalasi pamphuno, wochi yolendewela pachifuwa, ndi thabwa la mapepala m'manja. Anandipatsa moni mwaulemu.

"Mwauka bwanji, amai? Ine sindinabwele kudzakuyesani inu. Ndingoima apa ndi kuona. Mukamva kuwawa nenani, mukafuna tileke tileka."

Anaima kumiyendo kwa bedi. Kuyambila pamenepo cholembela chao chokha ndicho chinkalankhula.

Mwana uja anayamba. Anandipatsa moni ngati sitidziwana, anatchula dzina lake, anandifunsa langa n'kuliyelekeza ndi la pa failo. Ine n'kumadabwa, mwana amene wandiluka tsitsi dzana akufunsa dzina langa! Anafotokoza zimene achite, anapemphanso chilolezo. Anafunsa ngati bala likupweteka. Linkapweteka, koma ndinati ai, kuopa kumuchulukitsila nchito. Anandiyang'ana m'maso, nati, "Likayamba mundiuze, ambuya." Cholembela chinayenda.

Anakoka makatani kuzungulila bedi. Anasamba m'manja nthawi yaitali, pakati pa zala, kumbuyo, mpaka m'zigongono. Katebulo kaja anali atakapukuta kale ndi mankhwala, ndipo mnzake wa m'kalasi, amene anamupatsa kuti azimutumikila, anakakankhila pambali pa bedi, pafupi ndi dzanja langa lamanja. Mwana uja ananyamula phukusi la zida, analitembenuza kuona ngati silinang'ambike kapena kunyowa, anawelenga tsiku lolembedwapo mokweza kuti aphunzitsi amve. Analitsegula pogwila tingodya tokha, kamodzi kamodzi, ndipo nsalu yobiliwila inayalika. Munali timbale tachitsulo, tizitsulo topanila, thonje, ndi tinsalu toyela topindapinda. Mnzake anathila madzi amchele a m'botolo m'kambale, botolo lili m'mwamba osakhudza kanthu.

Anavala magolovesi oyamba, anamasula bandeji yakale, anaiyang'ana, anaitaya m'bini. Anauza aphunzitsi zimene akuona pa bala: mafinya achepa, m'mbali mwafiila bwino, kutupa kwatsika. Anavula magolovesi ao, anasambanso, anavala ena a m'pepala lao, osakhudza kunja kwake. Manja anawaimika m'mwamba patsogolo pake ngati munthu wopemphela. Ine mtima unkavina. Ndinkati, onani mwana wathu, onani!

Anapana thonje, analinyowetsa, anapukuta kamodzi kuchokela pakati pa bala kupita kunja, n'kutaya. Lina, kamodzi, n'kutaya. Ine ndinkaona chisoni ndi thonje lotayidwa likadali loyela.

Pamenepo kuseli kwa katani kunamveka mai wa bedi loyandikana akusanza, beseni n'kugwa pansi. Aphunzitsi anasuzumila kunja, mutu wonse kuseli kwa katani, akuitana namwino wa m'wodi. Nthawi yomweyo kamphepo kanalowela pa galasi losweka la zenela lija. Kanakweza ngodya ya nsalu yobiliwila, ndipo kansalu kamodzi koyela kanatsetseleka kupita m'mphepete.

Manja awa alela ana asanu ndi atatu. Awakha makapu, awakha makanda otsetseleka pamsana, awakha mazila ogubuduka pa lichelo. Sadziwa kuonelela chinthu chikugwa. Ndisanaganize kalikonse, kansalu kanali m'dzanja langa. Ndinakabwezela pamwamba pa tinzake, pakati penipeni, ndipo ndinasalaza nsalu yobiliwila ija ndi chikhatho, monga ndichitila poyala tebulo la kutchalitchi.

Nditakweza maso, ndinapeza mwana uja akundiyang'ana. Kumaso anavala masiki, ndinkaona maso okha. Maso amenewo ndimawaonabe.

Aphunzitsi anali asanatembenuke. Mnzake uja anayang'ana kudenga. Ine ndinatsinzina diso limodzi, ndinaika chala pamlomo, ndinanong'ona, "Pitiliza, mwanangu. Sanaone."

Kachitsulo kanali m'mwamba m'dzanja lake. Aphunzitsi anabweza mutu wao mkati, anakonza magalasi.

"Pitilizani," anatelo.

"Madamu," mau a mwanayo anatuluka ang'ono, "sindingapitilize ndi zida izi. Odwala agwila pa nsalu ndi pa tinsalu. Zonse zadetsedwa. Ndikupempha phukusi lina."

 Mwana uyu wapenga? Akudzikumbila yekha dzenje! Ndiye ndinachita chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lelo. Ndinatambasula manja onse awili n'kuwaonetsa aphunzitsi.

"Ine? Ine sindinagwile kanthu, amai. Manja anga anali pachifuwa pompa. Mwanayu ndi mantha chabe, maso akumunamiza. Musiyeni amalize."

Ndinkati ndikumuphimba. Sindinaone kuti ndamuimika pakati pa moto ndi madzi: avomele bodza langa, kapena atsutse munthu wamkulu, wa msinkhu wa ambuya ake, pamaso pa aphunzitsi. Kwathu mwana sachita zimenezo. Aphunzitsi anayang'ana ine, anayang'ana iye. Sanathandize aliyense.

Mwana uja anati, "Ambuya, pepani. Sindikufuna kukunyozani. Koma ndaona ndi maso anga, mwakawakha kansalu n'kukabwezela. Munafuna kundithandiza, ndikudziwa. Koma kansalu kameneko kakapita pa bala lanu, ndi shuga wanuyu, mwendo ungayambilenso kuola."

"Ndiye ine ndine wabodza?"

Ndinatelo, ine. Ndinakweza ndi mau. Ngakhale wosanza uja analeka.

"Sindinatelo, ambuya," anayankha, misozi ikunyowetsa masiki.

Aphunzitsi anayang'ana wochi ya pachifuwa. "Wophunzila, chosankha ndi chako. Nthawi ikuyenda. Uchita chiyani?"

"Ndiyambilanso, madamu."

Sanasiye bala pamtunda. Anauza mnzake kuti atsegule kapaketi kena ka nsalu yoyela kamene kanali pansi pa katebulo, anatola nsaluyo n'kuphimba bala. Anavula magolovesi. Zida zonse zija anazichotsa, ngakhale zimene sindinazikhudze, n'kupukutanso katebulo. Maphukusi a m'wodi yathu anali atatha ndi mabala a m'mawa, ndiye mnzake anathamanga kukapempha ku wodi ya azibambo. Tinadikila. Ha, kudikila kwake! Mwana uja anaima pambali panga osachoka, anandifunsa ngati ndikumva kuzizila, anandifunditsa bulangeti kumapewa. Ine ndinatembenukila kukhoma. Cholembela cha aphunzitsi chinkangoyenda, kwee, kwee, kwee, ndipo mzele uliwonse ndinkati ndi manda a mwanayo.

Phukusi linabwela. Mwana uja anasuntha katebulo kuchoka pa mphepo, n'kukaika kumene dzanja langa silikanafika. Anasambanso m'manja kuyambila pachiyambi, osadumpha chala ngakhale chimodzi, pamene ine chamumtima ndikuti fulumila, fulumila! Anatsegula, anavala magolovesi ena, anatsuka, anaumitsa, anaphimba, anamanga bandeji, analowetsa chala kuona ngati sinathine. Pomanga ndinamva kuwawa mpaka ndinaluma mlomo. Anaona. "Ambuya, likupweteka." Sanafunse, anangonena, ndipo anauza aphunzitsi kuti akadziwitsa asisita a wodi za mankhwala a ululu.

Mwana uja akulemba mu failo, aphunzitsi anati, "Nthawi yakwana." Anali asanamalize kulemba. Ndinaona cholembela chake chikuima.

Kenaka mafunso, ali chiimile pomwepo. Ungadziwe bwanji kuti bala lalowa tizilombo? Chifukwa chiyani bala la munthu wa shuga limachedwa kupola? Thonje limodzi upukutila kamodzi chifukwa ninji? Ena anayankha msanga. Limodzi anakakamila, anayamba, analeka, anayambanso. Aphunzitsi nkhope yao inali ngati chitseko chotseka. Pomaliza anatembenukila kwa ine.

"Amai, wakusamalani bwanji wophunzilayu?"

Pamenepo ndiye panali pamalo pake ponena zoona. Ndikanati, amai, ndinagwiladi, mwanayu sananame. Koma manyazi anandiletsa. Wamkulu kubweza mau ake pamaso pa ana! Ndinangoti, "Bwino," maso ali kukhoma.

Aphunzitsi anatsegula makatani, anapita ndi mwana uja ku kachipinda ka kumapeto kwa wodi, chitseko n'kutseka.

Sindinamuonenso. Kutacha kunabwela ena, ndipo nditafunsa anati gulu lake lasamukila ku wodi ya ana. Ndinafunsa namwino wina ngati wakhoza, iye anati, "Za kusukulu sititenga mbali, ambuya." Ndinafunsa wokolopa, anaseka. Mai wosanza uja, atapeza mphamvu, anati, "Inu ambuya, manja anu ngati a nyani m'munda wa chimanga. Mwam'gwetsa mwana wa eni." Ankati akuseleula. Ine sindinadye tsiku limenelo. Patapita masiku atatu ananditulutsa.

Kunyumba bala linkapola, ine ndinkadwala. Mwana wanga akamamasula bandeji kuti aone, ndinkaona maso aja pamwamba pa masiki. Kutchalitchi ndikayala nsalu pa tebulo, chikhatho chinkandiyabwa. Ndinkaganiza za bambo uja amene analowa m'dziko lino ali kumsana, akulandila mwana wake pa msewu wa Nyimba ndi sutukesi, anthu a m'mudzi akufunsa kuti unamwino uja watha kale? Ndipo mwanayo adzati chiyani? Adzati kunali nkhalamba ina ya kwa Sandwe, ndinailuka tsitsi, inandinamizila. Ndinauza abusa. Anati ndipemphele. Ndinapemphela, koma pemphelo silindiuza ngati mwana ali m'kalasi kapena ali kumunda.

Mpongozi wanga atati akupita kukatenga mankhwala, ndinamugwila dzanja. "Usabwele usanamupeze. Wamfupi, wa mpata m'mano, wa kwa Nyalugwe. Ukamufunse. Ukapeza anamuchotsa, usandibisile."

Ndiye tsiku lija, nditamaliza kulila pakhonde, ndinamukhazika pansi asanamwe ndi madzi omwe.

"Wamuona ndi maso ako?"

"Ndamuona, amai, atanyamula khanda la eni ku wodi ya ana. Wati tsiku lomwelo, m'kachipinda muja, aphunzitsi anamuuza kuti wakhoza. Anamuchotsela pang'ono chifukwa cha kulemba kumene sanamalize, ndi funso limodzi, ndiponso chifukwa choika katebulo pa mphepo pafupi ndi dzanja lanu. Koma anamusainila m'buku lake."

"Tsiku lomwelo? Ine mwezi ndi theka osagona tulo tabwino!"

"Mumadziwa chimene analakwitsa koyamba? Golovesi yake inakhudza chitsulo cha bedi, iye n'kupitiliza ngati palibe chachitika, poganiza kuti aphunzitsi sanaone. Cholakwa chimenecho akuti chimagwetsa munthu ngakhale zina zonse atachita bwino. Ndiye tsiku lanu lija akanakumvelani, akanabweleza chomwecho."

Ndinagwila pakamwa. "Nanga aphunzitsi anadziwa bwanji kuti wonama ndine, poti sanaone?"

Mpongozi anaseka mpaka kugwila nthiti. "Akuti nsalu ija inali yosalala bwino kwambili, ndipo tinsalu tinali titasanjidwa mosiyana ndi poyamba. Anati mwana wa sukulu wamantha sayala tebulo mokongola choncho."

Ndinaseka nawo, koma kuseka kwanga kunathela panjila. "Nanga mwana uja, za ine wanena chiyani?"

"Wafunsa za mwendo. Wati musamayende opanda nsapato kumunda."

"Basi?"

"Basi, amai."

Sanati wandikhululukila, sanati sanandikhululukile. Mau aja, akuti ndiye ine ndine wabodza, akadali pomwe ndinawasiya, ndipo mpongozi sangakandichotsele. Ndapatula nshawa zabwino m'kathumba. Tsiku loonetsa mwendo likafika ndidzapita ndekha, ndidzamufuna wodi ndi wodi, ndidzanena ndi pakamwa panga, ngakhale anzake onse ali pomwepo.

Koma madzulo amenewo nthungululu zanga zinaitana anthu, ndipo anabwela akuganiza kuti kwabadwa mwana. Nditawauza kuti wakhoza ndi mtsikana wa ku Nyimba amene sanamuonepo, anayang'anana, kenaka anati chimwemwe sichifunsa kwao kwa munthu, navina. Ine ndinkayambitsa, iwo akuvomela: wakhoza, wakhoza, mwana wa eni wakhoza! Anabwela amake mapasa, ufa uli m'manja. Anabwela mlamu wanga wa njinga yopanda mabuleki, amene anaimila mu mpanda wa nkhumba. Anabwela amai a mcheyamani wa chigwilizano ndi mng'ono wao wosamva khutu limodzi, amene anavina nyimbo yonse asanadziwe nkhani. Anabwela abusa, anabwela akazi a abusa, anabwela bambo wa chigayo, woyela ngati mzukwa. Anabwela mwana wanga wamwamuna kuchokela kudimba, akukalipa kuti ndikhale pansi ndisaononge mwendo. Anabwela asuweni anga a kutsidya kwa dambo, anabwela namfedwa wa nyumba ya malata amene anali asanaseke chiikile malilo a mwamuna wake, anabwela adzukulu anga asanu ndi awili mwa khumi ndi mmodzi aja, ndi mpongozi wanga, fumbi la msewu likadali m'nsidze.